Malipiro otsikitsitsa pa girafu: malova 300 amenewa achokera kuti?

Nachisale_Santhe
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndikuchita maphunziro a zachuma ndili konkuno ku Santhe, ndipo funso ili landigoneka mochedwa masiku awiri. Akuti pamsika wa ntchito za m'minda, w ndi malipiro a tsiku limodzi m'makwacha, Ld ndi anthu amene olemba ntchito akufuna, Ls ndi anthu amene akufuna kugwira ntchitoyo:

```
Ld = 1400 - 0.2w
Ls = 200 + 0.1w
```

Gawo loyamba ndinalikhoza. Mizere iwiriyi ikukumana pa K4,000 ndipo anthu 600 ali pantchito. Kenako akuti boma lalamula kuti wina asalandire zochepera K5,000 patsiku, pezani malova. Ine ndinalemba 200, chifukwa olemba ntchito tsopano akufuna anthu 400 okha. Andichonga ndi chofiira, akuti yankho ndi 300. Gawo lomaliza akufunsa chimene chingasinthe sapulayi, mzere wa Ls uja, ikanakhala ya ilasitisiti yaikulu, kutanthauza kuti malipiro akakwera pang'ono ofuna ntchito amachuluka kwambiri. Ndinayankha kuti anthu ambiri akanachotsedwa ntchito, apanso andichonga. Nanga anthu 100 enawo achokera kuti, poti ochotsedwa ndi 200?

Jere_wa_pa_Boma
Achemwali, ikani 5,000 mu Ls muone. 200 kuphatikiza 500 ndi 700. Chotsani 400, mutsala ndi 300. Basi.

Nachisale_Santhe
Masamuwo ndawaona achimwene, koma sindikumvetsa. Munthu amene sanali pantchito dzulo, lero sali pantchito, palibe chamusinthira. Akuwerengedwa bwanji ngati lova watsopano?

Aphunzitsi_Mtunthama
Funso lanu ndi labwino kuposa yankho limene mwapatsidwa, mwanangu. Tengani pepala, rula ndi pensulo, tijambule limodzi.

Mzere woimirira ukhale wa malipiro, wogona ukhale wa chiwerengero cha anthu. Dimandi, mzere wa Ld uja, ikutsika kuchokera kumanzere kupita kumanja, sapulayi ikukwera. Pokumanirana pake lembani 4,000 ndi 600. Tsopano ikani rula pa 5,000 mujambule mzere wopingasa kuchokera kumanzere. Udula dimandi poyamba, pa 400. Pitirizani, udula sapulayi pa 700. Kampata ka pakati pa 400 ndi 700 ndiye ulova umene wofunsayo akufuna.

Musaime pamenepo. Kuchokera pokumanira paja, pa 600, kwezani kamzere ka timadontho mpaka kakhudze mzere wopingasawo. Mwaona kuti kampata kaja kagawika pawiri? Chigawo cha kumanzere, kuyambira 400 mpaka 600, ndi anthu 200 amene anali pantchito ndipo auzidwa kuti mawa asabwere. Chigawo cha kumanja, kuyambira 600 mpaka 700, ndi anthu 100 amene pa K4,000 ankati bola ndikhale ndizipalira mtedza wanga, kapena ndizigulitsa zitumbuwa pamsewu. Atamva za K5,000 asiya zimenezo, avala nsapato, akaima pageti. Dzulo sanali malova chifukwa sankaifuna ntchitoyo pamtengo umenewo. Lero akuifuna ndipo sakuipeza. Pa zachuma lova si munthu aliyense amene sali pantchito, koma amene akuifuna, ali wokonzeka kuyamba, ndipo sakuipeza.

Ndiye chinamusinthira chilipo: wasiya khasu lake kumunda, ali pamzere.

Nachisale_Santhe
Aphunzitsi, ndajambula, kamzere ka timadonthoko kanditsegula maso. Koma za ilasitisiti zija?

Jere_wa_pa_Boma
Pamenepo ine ndili mbali yanu achemwali. Sapulayi ikakhala yotamuka kwambiri, ya ilasitisiti yaikuluyo, ulova umakula, ndiye kuti anthu ambiri ataya ntchito. Wochongayo walakwitsa.

Aphunzitsi_Mtunthama
A Jere, theka loyamba la mawu anu ndi loona, theka lachiwiri ayi. Tiyeni tiyese ndi sapulayi ina imene ikudutsa pamalo omwewo, pa 4,000 ndi 600, koma yogonerako:

```
Ls = -600 + 0.3w
w = 4000: Ls = 600
w = 5000: Ls = 900
```

Ofuna ntchito pa K5,000 tsopano ndi 900. Nanga olembedwa ndi angati? Yang'anani dimandi, sitinaikhudze. Akadali 400. Ochotsedwa ntchito akadali 200 omwe aja. Chimene chakula ndi chigawo cha kumanja, obwera atsopano achoka pa 100 kufika pa 300, ndipo ulova wonse wafika pa 500.

Muyesenso mbali inayo. Sapulayi ikhale chiriri ngati mtengo wa magetsi, anthu 600 omwewo kaya malipiro akwere kaya atsike. Pa K5,000 ofuna ntchito ndi 600, olembedwa 400, malova 200. Palibe watsopano wabwera, ndipo apa pokha ndi pamene yankho la Nachisale la 200 likanakhala lolondola.

Mwa njira zitatu zonsezi mwini munda akulemba anthu 400. Iye sawerenga anthu amene aima pageti kuti adziwe oti alembe. Amawerenga ngati munthu wina mmodzi angamubweretsere ndalama zoposa K5,000 patsiku. Malipiro akaikidwa pamwamba pa pokumanira, amene amalamula chiwerengero cha olembedwa ndi dimandi yokha. Sapulayi imangotiuza kutalika kwa mzere wa odikira.

Chigayo_Chamama
Ine za magirafu sindizidziwa, koma zimene anena aphunzitsizi ndinaziona ndi maso. Pachigayo panga panali anyamata atatu, wina woyeza ndi kulandira ndalama, wina pamakina, wina wonyamula ndi kusesa. Malipiro atakwera mu 2024 ndinakhala pansi ndi kope langa, ndinaona kuti atatu sindikwanitsa poti magetsinso amathimathima, tsiku lina timagaya theka la tsiku. Wosesa uja ndinamupumitsa, ndimasesa ndekha m'mawa. Koma mwezi womwewo anyamata obwera kudzafunsa ntchito anachuluka, ena ndimawadziwa ndi a kabaza. Onsewo ndinawabweza. Akanabwera khumi kapena makumi asanu, ine ndikanakhalabe ndi awiri.

MayiWaMapasa
Ndiye mukufuna kunena kuti boma lisamakweze malipiro? Inu mumadziwa mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira panopa? Ine ndagwira ntchito ya m'nyumba zaka zisanu ndi chimodzi pa Kasungu pano. Ndinkadzuka folo koloko, kukolezera mbaula, kusambitsa ana a eni ake anga ali okha kunyumba. Mwezi ukatha zimene ndinkapatsidwa sizinkafika ngakhale pa zimene boma linanena. Anthu ophunzira mukayamba kujambula mizere mapeto ake amakhala akuti wosauka akhalebe pomwepo.

Nachisale_Santhe
Ayi mayi, pepani, palibe wanena zimenezo. Ndi funso la m'kalasi chabe, manambala ake ndi ongopeka.

MayiWaMapasa
Ongopeka kwa inu. Ena amatenga zomwezo n'kukaziwerenga pawailesi.

Aphunzitsi_Mtunthama
Mayi akunena zoona, ndipo ndibwereranso kwa iwo chifukwa girafu imeneyi ili ndi malire ake. Koma tiyambe tamaliza ntchito ya mwanayu.

Tadala_99
Inenso funso lomweli linandigwetsa chaka chatha, koma pa mlingo wa ulova. Ndinagawa 300 ndi 600 ndikupeza 50 peresenti. Kani umagawa ndi onse amene ali pamsika pamalipiro atsopanowo, olembedwa ndi odikira pamodzi. Ndiye 300 kugawa ndi 700, pafupifupi 43 peresenti. Pa sapulayi yogona ija ndi 500 kugawa ndi 900, pafupifupi 56 peresenti. Chenjerani napo achemwali, amakonda kufunsa.

Nachisale_Santhe
Zikomo Tadala. Nanga nambala ya ilasitisitiyo ndi 0.1 ija ili kutsogolo kwa w?

Tadala_99
Ayi, imeneyo ndi kupendekeka kwa mzere chabe. Ilasitisiti imafuna maperesenti. Malipiro achoka pa 4,000 kufika pa 5,000, akwera ndi 25 peresenti. Ofuna ntchito achoka pa 600 kufika pa 700, akwera ndi 16.7 peresenti.

```
16.7 / 25 = 0.67
50 / 25 = 2
```

Ya m'funso lanu ndi 0.67, yochepera 1, ndiye anthu sakutengeka kwambiri ndi kukwera kwa malipiro. Ya aphunzitsi ija anthu akwera ndi 50 peresenti, ndiye 2. Ngati buku lanu limagwiritsa njira ya pakatikati, yogawa ndi 650 ndi 4,500, mupeza 0.69 m'malo mwa 0.67. Musadabwe, ingolembani njira imene mwatsata.

Jere_wa_pa_Boma
Chabwino ndavomera za 400. Koma ndifunse za kwathu kuno. Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikauma anthu amakhamukira ku maganyu, mudzi wonse. Si ndiye sapulayi yotamuka kwambiri imeneyo?

KapitawoWakale
A Jere, ine ndakhala kapitawo pa esiteti ya fodya cha kumpoto kwa boma lino zaka zambiri, ndikuuzeni mmene zimakhalira. Nthawi ya njala anthu amachuluka, inde. Koma sabwera chifukwa mwakweza mtengo. Amabwera chifukwa m'nyumba mulibe ufa. Mukatsitsa mtengo wa ndime amabwerabe. Ndinaona mayi akupalira tsiku lonse mwana ali kumsana, malipiro ake mbale ya ufa. Tsiku lotsatira anabweranso, atatenga ndi mwana wake wamkulu. Munthu wotero mtengo sumuuza zochita.

Nthawi imene mtengo umayendetsa anthu ndi pambuyo pokolola, ndalama za soya ndi mtedza zikalowa m'matumba. Pamenepo tikamafuna anthu osankha fodya m'chigafa, ukangochepetsa pang'ono mawa lake theka sabwera, ukawonjezera pang'ono amabwera ndi anzawo.

Aphunzitsi_Mtunthama
A Kapitawo ayankha bwino kuposa mmene ndikanayankhira. A Jere mwasakaniza zinthu ziwiri zimene ophunzira ambiri amasakaniza. Kuchuluka kwa anthu nthawi ya njala ndi mzere wonse wa sapulayi kusunthira kumanja: pamtengo uliwonse, ofuna ntchito ndi ambiri kuposa kale. Ilasitisiti ndi nkhani ina, ikufunsa kuti mtengo ukasintha pang'ono, anthu angati asintha maganizo. Wanjala sasintha maganizo, ndiye mzere wake ndi woimirira. Amene ali ndi kwina kopita, dimba lake, njinga ya kabaza, kageni kake, ndiye amasintha msanga, ndipo mzere wake ndi wogona.

Nachisale, pamayeso mukafunsidwa chimene chimapangitsa sapulayi kukhala yotamuka, yambirani pamenepa: anthuwo ali ndi pothawira pena? Ntchitoyo ikufuna luso lotenga nthawi kuphunzira? Ndipo tikukamba za sabata imodzi kapena zaka ziwiri? Pakapita nthawi mbiri ya malipiro abwino imafika kutali, anthu amasamuka, mzere umanka nugona.

WakuKamwendo
Ndilowererepo ngakhale ndine wa ku Mchinji. Kwathu pothawira pena ndi tsidya lija. Anyamata amawoloka kukagwira maganyu m'minda ya cha ku Chipata, maka kwacha ya ku Zambia ikakhala ndi mphamvu. Kwacha yathu itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense wa m'malire anadziwerengera yekha kuti tsiku lake likulemera kuti. Ndiye mlimi wa ku Mkanda akafuna aganyu akupikisana ndi mlimi wa dziko lina.

Chigayo_Chamama
Akabwerako amabwera ndi njinga ndi mawailesi, ena amabwera chimanjamanja atawabera. Mphwanga anapita miyezi isanu, anabwera ndi malungo okha.

WakuKamwendo
Zimenezonso zilipo akulu, wopanda mapepala sakadandaula kulikonse.

Tadala_99
Tabwererani ku girafu abale, mwana wa eni akulemba mayeso.

Nachisale_Santhe
Ndikutsatira zonse, musadandaule. Koma aphunzitsi munalonjeza kuwayankha mayi aja. Inenso zandikhudza, chifukwa ndawerengera ndalama zonse zopita kwa antchito. Poyamba 600 kuchulukitsa ndi 4,000 ndi K2,400,000 patsiku. Pambuyo pake 400 kuchulukitsa ndi 5,000 ndi K2,000,000. Ndiye kuti antchito onse pamodzi aluza?

Aphunzitsi_Mtunthama
M'funso limeneli inde, ndipo mwachita bwino kuwerengera. Koma onani chifukwa chake. Malipiro akwera ndi 25 peresenti, ntchito zatsika ndi 33 peresenti. Wolemba funsoyo anasankha dimandi yotamuka, yoposa 1. Akanasankha yakuti ntchito zitsike ndi 5 peresenti yokha, olembedwa akanakhala 570, ndipo 570 kuchulukitsa ndi 5,000 ndi K2,850,000. Antchito onse pamodzi akanapindula, ngakhale anthu 30 akanalira. Choncho yankho la funso lakuti antchito apindula kapena ayi lagona pa dimandi, ndipo manambala a m'buku sakutiuza za dimandi yeniyeni ya pa Kasungu.

Tsopano kwa MayiWaMapasa. Girafu ya mizere iwiriyi imaganiza kuti olemba ntchito ndi ambirimbiri, akulimbirana antchito, kotero kuti wina akakulipira zochepa umangowoloka msewu n'kulowa kwa mnzake. Pamene zili choncho, zimene tajambulazi zimagwira. Koma taganizani dera limene wolemba ntchito wamkulu ndi mmodzi, ndipo wina ali pamtunda wa tsiku lathunthu panjinga. Mayi wina wa ku Mangalande, Joan Robinson, analemba za msika wotere mu 1933, ndipo dzina la msikawo ndi monopusone.

Wolemba ntchito wotere amaganiza mwa mtundu wina. Tinene kuti ali ndi anthu 10 pa K3,000. Kuti akope wa nambala 11 ayenera kukweza kufika pa K3,200, koma sangakwezere mmodzi yekha, enawo amva. Ndiye ndalama zake zichoka pa K30,000 kufika pa K35,200. Munthu mmodziyo wamudyera K5,200, osati K3,200. Poona zimenezo amaleka dala kulemba anthu ena amene akanamupindulitsa, kuti malipiro a onse akhale pansi.

Tikatenga mizere yomweyi ya Nachisale n'kuipereka kwa wolemba ntchito mmodzi, masamu ake ndi awa:

```
w = 10L - 2000
MC = 20L - 2000
MRP = 7000 - 5L
20L - 2000 = 7000 - 5L
L = 360, w = 1600
```

L ndi chiwerengero cha antchito. Mzere woyamba ndi sapulayi ija yotembenuzidwa, wachiwiri ndi mtengo wa munthu wowonjezera, wachitatu ndi dimandi ija, ndalama zimene munthu wowonjezera amabweretsa. Popanda lamulo alemba anthu 360 okha pa K1,600, chonsecho womalizayo akumubweretsera K5,200. Boma likaika K3,000, anthu 500 abwera ndipo onse awalemba, chifukwa palibenso phindu lochepetsa anthu kuti mtengo utsike. Likaika K4,000 alemba 600. Ngakhale pa K5,000 alemba 400, kuposa 360 aja. Ntchito ziyamba kuchepa kuposa poyamba pokhapokha lamulo likapitirira K5,200.

Ndipo apa ilasitisiti ya sapulayi yatembenuka ntchito yake. Mu girafu yoyamba inkangotalikitsa mzere wa pageti. Apa ndi imene ikuyeza mphamvu ya bwana. Anthu akakhala opanda kothawira, mzere uli chiriri, bwana amatha kuwalipira pansi kwambiri poyerekeza ndi zimene akumubweretsera, ndipo mpata woti lamulo likweze malipiro popanda kupha ntchito umakhala waukulu. Mayi aja amene ankadzuka folo koloko, funso loyamba ndi lakuti akanachoka akanapita kuti.

MayiWaMapasa
Kunalibe kopita aphunzitsi. Ndinali ndi mapasa a miyezi isanu ndi itatu, bambo awo atapita ku Joni osatumiza kanthu. Abwanawo ankadziwa zimenezo.

KapitawoWakale
Zimenezi ndiye za pa esiteti zenizeni. Matenanti ambiri ankachokera kummwera, ku Mulanje, ku Thyolo, ku Mangochi, atabwera pa lole ndi banja lonse. Chakudya cha chaka chonse ankatenga pangongole kwa mwini esiteti, kudzadula fodya akagulitsidwa. Munthu wotero ngakhale amve kuti kwina akulipira bwino, achoka bwanji ali ndi ngongole, alibe ndi ya basi yomwe? Utenanti analetsa mu 2021 lamulo la ntchito litasinthidwa, koma mtunda wochokera kuno kukafika ku Mulanje sunafupike.

Jere_wa_pa_Boma
Koma aphunzitsi, ma esiteti ku Kasungu alipo ambirimbiri, kuwonjezera alimi ang'onoang'ono olemba aganyu. Mmodzi yekhayo ali kuti? Ine ndikuona kuti girafu yoyamba ija ndiyo ikufanana ndi kwathu kuno.

Aphunzitsi_Mtunthama
Pa ganyu wa tsiku limodzi m'mudzi mwina mukulondola a Jere, olemba ndi ambiri ndipo mtengo wa ndime aliyense amaudziwa. Pa banja limene lagonekedwa pa esiteti chaka chonse, kapena mayi wa m'nyumba, sindikugwirizana nanu. Sipafunika kuti bwana akhale mmodzi m'boma lonse. Chofunika n'chakuti kuchoka kwa iye kukhale kodula.

Nkhani imeneyi ngakhale akatswiri anakanganapo kwambiri. Mu Epulo 1992 dera la New Jersey ku Amereka linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa madola 4.25 kufika pa 5.05 pa ola, pamene dera loyandikana nalo la Pennsylvania silinakweze. David Card ndi Alan Krueger anafufuza malo odyera pafupifupi 400 mbali zonse ziwiri, ndipo sanapeze kuti ntchito zinachepa ku New Jersey. Ena anatsutsa manambala awo, mkangano unatenga zaka. Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Koma kumeneko ndi ku Amereka, pamalo ogulitsa zakudya, ndipo kukwezako kunali kwa pafupifupi 19 peresenti. Sindinganyamule zotsatira zake n'kukazitula pa Chinkhoma.

Jere_wa_pa_Boma
Ndiye aliyense angosankha girafu imene ikumukomera. A mabungwe a antchito atenga yachiwiri, olemba ntchito atenga yoyamba.

Tadala_99
Si kusankha chabe achimwene, pali poonera. Lamulo likabwera, olembedwa achepa kapena achuluka? Bwana akatsitsa malipiro pang'ono, anthu amachoka kapena amakhala? A Chigayo anachotsa mmodzi, kwa iwo yoyamba yagwira.

Chigayo_Chamama
Zigayo pa Chamama zilipo zingapo, mnyamata wodziwa makina ndikamuchepetsera mawa ali kwa mnzanga. Ine mphamvu imeneyo ndilibe.

KapitawoWakale
Pali china chimene mizere yanu sikuonetsa. Ife malipiro a tsiku akakwera sitinkachotsa anthu nthawi zonse. Ankandiitana ku ofesi n'kundiuza kuti ndime ikule. Amene ankapalira mizere makumi awiri patsiku azipalira makumi awiri ndi isanu, akapanda kumaliza tsikulo sililembedwa lathunthu. Pabuku malipiro akwera, anthu ndi omwewo, koma thukuta la pa kwacha iliyonse silinasinthe. Ndinkachita ndi chingwe changa choyezera m'manja, ndipo mpaka lero zimandiwawa mumtima. Kwina ankachotsa phala la m'mawa.

Nachisale_Santhe
Ndiye pa girafu zimenezo ndingazionetse bwanji?

Aphunzitsi_Mtunthama
Pa girafu ya funso lanu simungathe, chifukwa imatenga tsiku la ntchito ngati chinthu chosasintha. Muzilembe m'mawu pansi pake ngati malire a chithunzicho, ochonga abwino amapereka malikisi pa zimenezo. Malire ena ndi akuti anthu 300 aja kwathu kuno sakhala pageti mpaka kalekale. Palibe ndalama ya boma yolipira malova, ndiye amabwerera kumunda, ku kabaza, ku maganyu kumene lamulo silifika. Kumeneko sapulayi imasunthira kumanja ndipo mtengo wa ganyu ungatsike. Ulova wa pa girafu umasanduka anthu ochuluka olimbirana ntchito zazing'ono.

Chinanso muyang'ane nthawi zonse musanayambe kuwerengera: mzere wa lamulo uli pamwamba kapena pansi pa pokumanira? M'funso lanu akanati K3,500, yankho likanakhala lakuti palibe chosintha, 600 pa K4,000, chifukwa msika ukulipira kale kuposa pamenepo. Ambiri amaika 3,500 m'masamu n'kupeza Ld 700 ndi Ls 550, n'kuyamba kulemba za kusowa kwa antchito. Lamulo silikuletsa kulipira zambiri, likuletsa kulipira zochepa.

WakuKamwendo
Ndipo mitengo ya zinthu ikamakwera mzere wa lamulowo umatsika wokha. K50,000 ya pamwezi ya mu 2021 inakhala osasintha mpaka kumayambiriro kwa 2024 pamene anaika K90,000, chonsecho pakatipo kwacha inagwa kawiri. Kenako mu 2025 anaika K126,000. Ukagawa ndi masiku 26 ndi pafupifupi K4,846 patsiku, pafupi ndithu ndi K5,000 ya m'funsoli.

MayiWaMapasa
Imeneyo ndi ya ena. Ya ife a m'nyumba anaika yakeyake yotsikirapo, K52,000 kenako K72,800. Ndipo ndikuuzeni, mwa anzanga amene timakumana pa mjigo, amene amaiona yonse ndi ochepa. Ukatchula za ofesi ya leba amakuuza kuti pakhomo pali atsikana atatu akudikira malo ako.

Tadala_99
Atsikana atatu amenewo ndi chigawo cha kumanja chija aphunzitsi, kapena ndalakwa?

Aphunzitsi_Mtunthama
Mwina ena mwa iwo, koma samalani. Chigawo cha kumanja ndi anthu okopeka ndi malipiro a lamulo. Ngati pakhomopo malipiro a lamulo sakuperekedwa n'komwe, atsikanawo sanakopeke ndi iwo, abwera chifukwa kumudzi kulibe china. Chimene ndikuvomereza n'chakuti mzere wa odikira ukatalika lamulo limavuta kulitsata, popeza wodandaula amadziwa kuti wolowa m'malo mwake ali pafupi. Pamenepa sapulayi yotamuka ikhoza kukhudza zenizeni kuposa mmene girafu ikunenera.

Jere_wa_pa_Boma
Ine pa za bwana mmodzi sindinakhutirebe. Tidzakambirana tikadzakumana pa boma.

Nachisale_Santhe
Ndalembanso gawo lomaliza, tandionereni. Ndajambula dimandi imodzi ndi masapulayi awiri odutsa pa 4,000 ndi 600, wina woimirirako wina wogonerako, ndi mzere wopingasa pa 5,000. Pansi ndalemba kuti olembedwa ndi 400 pa onse awiri, ochotsedwa ndi 200 pa onse awiri, obwera atsopano ndi 100 pa woyamba ndi 300 pa wachiwiri, ulova ndi 300 ndi 500. Ndawonjezera ndime imodzi ya msika wa bwana mmodzi ndi ina ya zokulitsa ndime za m'munda zimene ananena a Kapitawo.

Aphunzitsi_Mtunthama
Zili bwino. Onetsetsani kuti masapulayi awiriwo akudutsadi pa kadontho kamodzi, chifukwa akapanda kutero mwasintha pokumanira ndipo 200 uja sakhalanso 200. Mulembenso mayina a mizere yonse, woimirira ndi wogona womwe.

MayiWaMapasa
Nachisale, ngati pali malo papepalapo ulembeponso za ife a m'nyumba. Ndipo wina andiuze, ofesi ya leba pa boma amatsegula nthawi yanji? Pali mtsikana wa kwathu miyezi itatu sanalandire, ndikufuna ndimuperekeze Lolemba.

KapitawoWakale
Pitani m'mawa mayi, cha m'ma eyiti. Atenge chitupa chake ndi kapepala kolemba tsiku limene anayamba ntchito, zimene anagwirizana, ndi miyezi imene sanalandire. Ngati pali woyandikana naye nyumba amene amamuona akugwira ntchito pamenepo, apite naye.